Phazi la ku Dedza pa Ayezi wa ku Winnipeg

Mwana wa mlongo wanga anakulira ku Dedza, ndipo anthu a ku Dedza sauzidwa za kuzizira. Atapeza malo pasukulu ya ukachenjede mumzinda wa Winnipeg ku Canada, anatsikira ku Lilongwe nʼkukasankha pa kaunjika jombo zachikopa, zazitali, zaubweya mʼkati, zooneka zolimba ngati za msilikali. Tonse tinaziyamikira. Ananyamuka mu Ogasiti, kunja kukutentha konsekonse, jombo zili mʼchikwama. Kumayambiriro kwa Disembala anandiimbira foni. “Malume, zala zakuphazi sindikuzimva,” anatero. Anali ataima pamalo odikirira basi kwa mphindi 20 zokha. Sabata yomweyo anali atagwa kawiri pakhomo pa nyumba yomwe amakhala.

Jombo zija sizinali zoipa. Zinangopangidwira dziko lina, nyengo ina, ndi phazi lina. Ku Winnipeg mu Januwale, mukaphatikiza usana ndi usiku, kumazizira pafupifupi madigiri 16 kunsi kwa ziro, ndipo masiku ofika -30 si achilendo. Ku Dedza kapena ku Nyika mu Juni chisanu chimagwa usiku nʼkuyeretsa udzu, koma dzuwa likatuluka chimasungunuka. Uko sichisungunuka. Chipale chofewa chogwa mu Novembala chimakhalabe pansi mpaka mu Malichi kapena Epulo, anthu akuchiponda tsiku ndi tsiku mpaka chimasanduka ayezi wolimba.

Chinthu choyamba chimene anthu ochokera kwathu sitidziwa nʼchakuti jombo siitenthetsa phazi. Ilibe moto. Kutentha kumachokera mʼmagazi oyenda mʼphazi mwenimwenimo, ndipo ntchito ya jombo ndi kungokutchingira kuti kusathawe msanga. Chimene chimatchinga si ubweya weniweniwo ayi, koma mpweya wokodwa pakati pa timaulusi ta ubweyawo. Nʼchimodzimodzi ndi bulangeti: lofufuma limafunda kuposa lopyapyala lothinana. Mukamvetsa zimenezi, zambiri zokhudza kusankha jombo zimadzilongosola zokha.

Taganizirani zimene mwana uja ankachita. Jombo zake zinali zomukwana ndendende, monga timakondera nsapato kwathu. Atamva kuzizira, anavala masokosi awiri, kenako atatu. Phazi linadzaza mʼjombo, mpweya wonse unatha, ubweya wamʼkati unafinyika, ndipo mitsempha ya magazi inapanikizika. Powonjezera zofunda, iye ankachepetsa magazi obweretsa kutentha. Anazizidwa kwambiri ndi masokosi atatu kuposa mmene akanazizidwira ndi imodzi. Jombo ya mʼchisanu imafunika kusiya mpata woti zala zonse zizitha kugwedezeka momasuka mutavala sokosi yokhuthala. Poyesa, vulani masokosi opyapyala, valani amene muzikavala mʼnyengoyo, lowetsani phazi osamanga zingwe, likankhireni kutsogolo mpaka zala zikhudze kumapeto, ndiye muone ngati chala chamʼmanja chikulowa kumbuyo kwa chidendene. Chikalowa, mpata ulipo. Mukamanga zingwe, chidendene chisamadumphe poyenda, chifukwa pamenepo ndi pobadwira matuza. Anthu ambiri amapezeka kuti akwera ndi theka la saizi kapena saizi yathunthu. Yesani madzulo, pamene mapazi afufuma pangʼono ndi kuyenda. Ndipo musakhulupirire nambala yomwe munaizolowera: saizi 8 ya mwamuna pa kawerengedwe ka ku Britain, kamene ambiri timakadziwa, ku Canada ndi ku America ili pafupi ndi 9, ndipo ku Ulaya ndi 42.

Tsopano za manambala olembedwa pa jombo. Mudzaona 200g, 400g, 600g, nthawi zambiri pafupi ndi dzina lakuti Thinsulate, lomwe ndi mtundu wa timaulusi topyapyala kwambiri topangidwa ndi kampani ya 3M. Magalamuwo si kulemera kwa zofunda zomwe zili mʼjomboyo. Ndi kulemera kwa nsalu ya mtunduwo itadulidwa mita imodzi mʼlitali ndi mita imodzi mʼlifupi. Nambala ikakula, ndiye kuti nsaluyo ndi yokhuthala. Ya 200 imakwanira munthu woyenda mofulumira mʼtauni pamene kuzizira sikunapitirire kwambiri -10. Ya 400 ndi ya kuzizira kwenikweni, kapena ya munthu amene amaima nthawi yaitali. Kuyambira 600 kupita mʼtsogolo ndi za ogwira ntchito panja tsiku lonse, alenje, ndi asodzi okhala pa nyanja youndana.

Palinso nambala ina yokopa kwambiri, yonena kuti jomboyo imapirira mpaka -32 kapena -40. Imeneyi muziitenga ngati mawu a wogulitsa pamsika. Palibe muyeso umodzi umene makampani onse opanga jombo wamba amakakamizidwa kutsatira polemba nambalayi, ndipo kawirikawiri amaganizira munthu amene akuyenda, magazi akuthamanga. Munthu woima chilili podikira basi mapazi ake amazizira msanga kwambiri mʼjombo yomweyo. Nambalayi imathandiza poyerekeza jombo ziwiri za kampani imodzi. Kupitirira apo, siilonjeza kanthu.

Nʼchifukwa chake funso loyamba si lakuti “kumazizira bwanji kumeneko?” koma “tsiku langa lizikhala lotani?” Tsiku la mwana wa mlongo wanga linali lotere: mphindi 10 kuyenda kukafika pa siteji, mphindi 10 mpaka 20 kudikira, theka la ola mʼbasi yofunda, kenako maola anayi kapena asanu mʼnyumba zotenthetsedwa. Nthawi yoopsa inali mphindi zodikira zija, mapazi ataponda simenti yozizira ngati chitsulo. Apa pali chinthu china chimene anthu amaiwala: munthu akaima, kutentha kwambiri kumathawira pansi, kudzera kunsi kwa jombo. Ubweya wokongola wa pakamwa pa jombo suthandiza pamenepo. Chothandiza ndi kunsi kokhuthala ndi kachiyalo ka mʼkati kopondapo phazi, makamaka ka ubweya wa nkhosa wotsendereza. Kachiyalo kotere kamagulidwa pakokha motsika mtengo, ndipo kamasintha jombo yapakatikati kukhala yabwino, bola mpata ukhalepo.

Koma jombo yofunda kwambiri ili ndi msampha wake, ndipo msamphawo ndi thukuta. Mapazi amatuluka thukuta ngakhale kukuzizira. Mukalowa mʼkalasi yotenthetsedwa mutavala jombo ya 600, pakutha pa ola masokosi anyowa. Madzi amachotsa kutentha mʼthupi mofulumira kuwirikiza pafupifupi ka 25 poyerekeza ndi mpweya. Ndiye mukatuluka madzulo, muli ndi phazi lonyowa mʼjombo yodula, ndipo mukuzizidwa kuposa mnzanu wa jombo yopepuka koma youma. Anthu a kumeneko anathetsa vutoli kalekale: amayenda ndi nsapato zamʼnyumba mʼchikwama, kapena amazisiya kuntchito, nʼkumasintha akafika. Poyamba mwana uja ankaona ngati ndi kudzivuta. Lero ndi zimene amachita.

Masokosi ndi gawo la jombo, asakunamizeni munthu. A thonje, amene timavala kwathu, amamwa thukuta nʼkulisunga pakhungu. A ubweya wa nkhosa amamwanso chinyezi koma amafundabe, ndipo samveka kunyowa msanga. Peyala imodzi yabwino ya ubweya imaposa atatu a thonje. Gulani mapeyala atatu kapena anayi kuti muzisinthasintha.

Madzi olowa kuchokera kunja ndi nkhani ina, ndipo apa mpamene mizinda imasiyana kwambiri. Ku Winnipeg pakati pa Januwale, chipale chofewa chimakhala chouma ngati ufa. Mukhoza kuchisasa pa buluku osanyowa. Kumene kuli Amalawi ambiri, ku Manchester, ku Glasgow, ku Dublin, sikuzizira choncho. Kumakhala madigiri angapo pamwamba pa ziro, mvula yamawawa masiku ambiri, ngati chiperoni cha ku Thyolo chosatha. Namwino wopita ku Glasgow akagula jombo zolemera za -40 wataya ndalama, ndipo azidzakoka miyendo pachabe. Iye akufunika nsapato yofika mʼkakolo yosalowa madzi, ya zofunda zochepa kapena yopanda nʼkomwe, ndi masokosi a ubweya. Wopita ku Toronto kapena ku Oslo ali pakatikati, ndipo mwina ndiye ali ndi vuto lalikulu, chifukwa kumeneko kumaundana nʼkusungunuka mobwerezabwereza. Mchere wothiridwa mʼmisewu umasandutsa chipale chofewa kukhala phala lamadzi lozizira, lomwe limadikha mʼmphepete mwa msewu pamalo owolokera. Umaona ngati ndi pouma, kuponda, phazi lonse phava! Ngakhale ku Winnipeg phala limeneli limafika mu Malichi.

Pa sitolo kapena pa foni mudzaona mawu awiri a Chingerezi ofanana koma osiyana tanthauzo. Akalemba water-resistant, akunena kuti jomboyo imapirira madontho ndi mvula yochepa basi. Akalemba waterproof, akunena kuti madzi salowa. Kusalowa kumeneku kumapezeka mʼnjira ziwiri. Yoyamba ndi ya kansalu kopyapyala kosokedwa ngati sokosi pakati pa chikopa ndi nsalu yamʼkati. Kotchuka kwambiri ndi Gore-Tex, komwe kanachokera pa zimene Bob Gore anatulukira mu 1969 atakoka mofulumira pulasitiki wina wotenthetsedwa. Kali ndi timabowo tatingʼono kwambiri moti dontho la madzi silingadutse, koma nthunzi ya thukuta imadutsa. Makampani ambiri ali ndi nsalu zawo zofanana nayo pansi pa maina ena. Njira yachiwiri ndi ya jombo yomwe kunsi kwake konse, mpaka pamwamba pa zala, ndi mphira woumbidwa wopanda msoko, kumtunda kuli chikopa kapena nsalu, ndipo mʼkati muli chovala chaubweya chochotseka. Jombo za Sorel, Kamik ndi Baffin, maina amene anayambira ku Canada, zambiri ndi za mtundu umenewu. Nʼzolemera ndipo sizikongola ndi suti, koma zili ndi ubwino umodzi waukulu: chamʼkati chija mumachitulutsa usiku nʼkuchiyanika, mʼmawa chauma.

Kaya mwasankha mtundu uti, yangʼanani lilime la jomboyo. Ngati lasokedwa mʼmbali zonse ziwiri kulumikizana ndi thupi la jombo, madzi salowera pa zingwe. Ngati likungolendewera, jomboyo ndi yosalowa madzi mpaka pamene lilime layambira basi. Zipi nayonso ndi khomo la madzi, pokhapokha kumbuyo kwake kuli kansalu kotchinga. Kutalika kwa jombo kupitirire kakolo ndi masentimita angapo; kumalo a chipale chambiri, masentimita 20 kuchokera pansi si ochuluka.

Wina anganene kuti, nanga magambuti athu a kumunda si osalowa madzi? Ndi osalowadi, koma satulutsanso thukuta, alibe zofunda, ndipo mphira wake umauma gwa kukazizira. Jombo za kuntchito za chitsulo kutsogolo nazo si zabwino mʼchisanu, poti chitsulocho chimazizira nʼkumakhala pamwamba penipeni pa zala. Amene ntchito yawo imafuna jombo zoteteza zala afunse zokhala ndi chotchinga chosakhala chachitsulo.

Ndasiya kumapeto nkhani imene ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa zonse, ya kuterera. Kuzizidwa zala kumatha ukalowa mʼnyumba, koma dzanja lothyoka limatenga milungu, ndipo mlendo mʼdziko la eni amene wangoyamba ntchito alibe milungu yotaya. Choipa nʼchakuti ichi ndi chinthu chimene maso sangaweruze. Tonse timatembenuza jombo nʼkuyangʼana mano a kunsi: akakhala aakulu ndi akuya ngati a tayala la thirakitala, timati iyi ndiye yogwira. Mano akuya amagwiradi mʼmatope ndi mʼchipale chofewa, momwe ali ndi poluma. Pa ayezi wosalala alibe poluma. Pamenepo chofunika ndi mtundu wa mphirawo. Mphira wamba umalimba kukazizira, nʼkukhala ngati pulasitiki, ndipo sugwiranso. Nʼchifukwa chomwecho chimene oyendetsa galimoto kumeneko amasinthira matayala nyengo yachisanu ikamayandikira. Ayezi woterera kwambiri ndi wa pafupi ndi ziro, amene pamwamba pake pali timadzi. Tsiku limene kwafundako pangʼono, kapena mʼmawa wotsatira mvula yogwera pa nthaka youndana, ndi pamene anthu amagwa kwambiri. Nthawi zina ayeziyo saoneka nʼkomwe. Msewu umangooneka ngati wanyowa.

Ku Toronto kuli malo ofufuzira a chipatala cha Toronto Rehabilitation Institute, komwe anamanga chipinda chotchedwa WinterLab. Pansi pake ndi ayezi weniweni, ndipo chipinda chonsecho chimapendekeka. Anthu amavala jombo zoyesedwazo, atamangidwa lamba woti asagwe, nʼkumayenda kukwera ndi kutsika, ofufuza akuwonjezera kupendekeka mpaka munthu ayambe kuterera. Amayesa pa ayezi wouma ndi pa wonyowa. Kuti jombo ipambane, iyenera kugwira pa chitunda cha madigiri 7, komwe ndi kupendekeka kofanana ndi kwa potsikira mʼmphepete mwa msewu. Atatulutsa zotsatira zoyamba mu 2016, atayesa mitundu 98 ya jombo zogulitsidwa ngati za mʼchisanu, zoposa 90 pa 100 zilizonse zinalephera. Zinalephera ngakhale zodula ndi za maina otchuka. Zochepa zimene zinapambana zinali ndi mphira wapadera: Green Diamond, momwe anasakanizamo timiyala tolimba ngati ta sandipepala, ndi Vibram Arctic Grip, wokhala ndi timaulusi tosaoneka bwino togwira ayezi wonyowa. Kuchokera nthawiyo jombo zopambana zawonjezeka, ndipo mndandanda wake amauika pa intaneti pansi pa dzina lakuti Rate My Treads. Mukaima mʼsitolo, tsegulani mndandandawo pa foni, fufuzani dzina ndi mtundu weniweni wa jomboyo, osati dzina la kampani lokha, chifukwa kampani imodzi imatha kukhala ndi yopambana ndi yolephera pa shelefu yomweyo.

Mphira wapaderawu nawo umatha. Ukapekesedwa pa simenti ndi phula kwa nyengo imodzi kapena ziwiri, mphamvu yake imachepa ngakhale jombo ikuonekabe yatsopano. Ndipo palibe jombo yomwe imasandutsa ayezi kukhala msewu wa fumbi. Masiku oipitsitsa anthu amamangirira kunsi kwa jombo timalamba ta mphira tokhala ndi misomali kapena timawaya. Timagwira bwino kwambiri pa ayezi, koma mukalowa nato mʼsitolo ya matailosi mumagwa kuposa panja, choncho muzitichotsa pakhomo. Kayendedwe nako kamaphunziridwa: masitepe afupiafupi, phazi lonse kuponda nthawi imodzi, thupi litaweramira kutsogolo pangʼono, manja ali kunja kwa matumba. Aliyense amene anatsikapo phiri la dothi la katondo mvula itangokata amakadziwa kale.

Apa ndi pamene kaunjika amagwa mphwayi. Sindikunyoza kaunjika, jekete, juzi ndi mpango mukhoza kugula kwathu nʼkupulumutsa ndalama zambiri. Koma zinthu zitatu zofunika pa jombo ndi zomwe zimafa mosaoneka. Mphira umalimba ndi zaka. Kansalu kotchinga madzi kamangʼambika mʼkati, pamalo popindika zala, osaonekera kunja. Zofunda zimafinyika kutsatira phazi la mwini wake woyamba. Palinso mtundu wina wa pulasitiki wofewa wa pakati pa kunsi kwa nsapato umene umafumbutuka ukakhalitsa pa chinyezi ndi kutentha, moti jombo yooneka bwino imatha kusiya kunsi kwake pamsewu tsiku lachitatu. Langizo langa ndi lakuti ngati mukufika mu Ogasiti kapena Seputembala, musanyamule jombo. Sungani ndalamayo mukagule komweko mu Okutobala, masaizi asanathe, mutafunsa anthu amene akhalako zaka zingapo. Ngati mukufika pakati pa chisanu, valani nsapato zotseka ndi masokosi okhuthala, ndipo ulendo woyamba wotuluka mʼnyumba ukhale wa kusitolo ya jombo.

Mwana wa mlongo wanga anachita zimenezi mochedwa, koma anachita. Anatenga jombo ya 400, yosalowa madzi, ya lilime losokedwa mʼmbali, yotalika kupitirira kakolo, yokulirapo ndi saizi imodzi, yomwe anaipeza pa mndandanda wa ku Toronto uja. Anawonjezera kachiyalo ka ubweya ndi mapeyala atatu a masokosi. Anasiya ya 600 imene wogulitsa ankaiyamikira, poti sagwira ntchito panja.

Ndinamuuzanso zoti aziyangʼanira zala zake, chifukwa ngakhale jombo yabwino ili ndi malire. Zala zikamapweteka ndi kuzizira, magazi akadafikako. Zikasiya kupweteka nʼkuchita dzanzi, khungu nʼkuyamba kulimba, ndiye kuti mnofu wayamba kuundana, ndipo muyenera kulowa mʼnyumba nthawi yomweyo. Mabuku ambiri amati khungu limafiira kenako nʼkuyera, koma pa khungu lakuda ngati lathu kusinthaku sikuoneka msanga; limangotuwa, choncho dalirani dzanzi ndi kulimba kuposa mtundu. Musazitikite, ndipo musaziyandikize ku moto kapena ku chotenthetsera mʼnyumba, chifukwa phazi ladzanzi limapsa mwini wake osamva. Ziviikeni mʼmadzi ofunda ngati osambitsira khanda, a madigiri 37 mpaka 39. Kumva kukapanda kubwerera, kapena pakatuluka matuza, pitani kuchipatala. Odwala shuga, amene mapazi awo samva bwino kale, aziwayangʼana ndi maso madzulo alionse.

Kusamala jombo sikufuna zambiri. Mukafika kunyumba, vulani pakhomo, monga amachitira aliyense ku Canada, nʼkuziika pa thireyi yolandira madzi osungunuka. Tulutsani kachiyalo, masulani zingwe, ndipo ngati mwanyowa mʼkati, tsenderanimo nyuzipepala zakale. Musaziike pa chotenthetsera: chikopa chimangʼaluka ndipo guluu amamasuka. Mizere yoyera imene mchere wa mʼmisewu umasiya pachikopa imachoka ndi kansalu koviikidwa mʼmadzi osakaniza ndi viniga, theka ndi theka, kenako chikopacho chikauma mupake mafuta ake.

Jombo za pa kaunjika zija sanazitaye. Akuti amazivala mu Okutobala, masamba akamayoyoka, ndipo anzake a mʼkalasi amamufunsa kumene anazigula.